Ola lachiwiri, yankho limakhala "ayi"

Mayi amene ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde anandilandira bwino. Anatuma mwana kukatenga mpando, iwo n'kukhala pamkeka, lichero lili pamiyendo. Ndinawauza kuti ndabwera ndi mafunso okhudza madzi, ndipo sinditenga nthawi yaitali. Limenelo linali bodza, ngakhale nanenso ndinali ndisanadziwe kukula kwake.

Theka la ola loyamba tinacheza ngati anthu odziwana. Nditawafunsa kumene amatunga madzi, anandifotokozera mbiri yonse ya mjigo wa m'mudzimo, chaka chimene unakumbidwa, ndi mkangano umene unabuka pamene msungichuma wa komiti anasamukira ku tauni. Ola litakwana, mayankho anayamba kufupika. Titafika pa mafunso a katundu wa m'nyumba, maso awo anali ali kukhitchini kumene moto unali kuzilala.

"Muli ndi wailesi, mayi?"

"Ayi."

"Njinga?"

"Ayi."

Njingayo inali itatsamira nkhokwe, ndikuiona ndi maso angawa. Nditailoza anaseka. "Ndi ya bambo ake awa. Ingolembani mmene mukuoneramo, achimwene. Atsala angati?"

Mayiwa sanali abodza. Anali ataphunzira chinthu chimene aliyense woyankha fomu yaitali amaphunzira msanga: ukati "inde", pamabwera mafunso ena anayi. Munaigula liti, munagula ndalama zingati, mutati muigulitse lero ingapite pa zingati, mwini wake ndani. Ukati "ayi", wofunsa amalumphira kutsogolo. Ndiye munthu amene nyemba zake zisanapite pamoto angasankhe chiyani?

Kwathu kuno vutoli limabisala chifukwa cha ulemu. Mlendo sapirikitsidwa pakhomo. Munthu sadzakuuza kuti watopa nawe, amangokhala pomwepo mpaka umalize, koma mtima unanyamuka kalekale. Fomu imabwerera ku ofesi yodzaza bwinobwino, palibe funso lodumphidwa, ndipo amene anailemba amakhutira kuti anthu akumudzi ndi opirira. Zoti theka lomaliza la fomuyo ladzaza ndi mayankho ongothamangitsa mlendo, palibe akudziwa.

Pali kafukufuku amene anayeza zimenezi, ndipo mbali ina anachitira konkuno. Akatswiri a zachuma, mwa iwo Dahyeon Jeong, Shilpa Aggarwal ndi Jonathan Robinson, anafunsa mabanja a m'midzi ya ku Malawi ndi ku Liberia mafunso otenga maola awiri kapena atatu. Nzeru yawo inali yosinthasintha ndondomeko ya zigawo za fomu mwamaere, kotero kuti funso limodzimodzi lomwelo wina ankakumana nalo kumayambiriro, wina kumapeto. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2023, zinaonetsa kuti munthu akamafika pa funso mochedwa, m'pamenenso amakonda kunena kuti alibe chinthucho kapena sanagule. Ola limodzi loonjezera linkachepetsa ndalama zimene banja likuti lagulira chakudya ndi 25 pa 100 iliyonse. Banja lomwelo, chakudya chomwecho, koma papepala likuoneka losauka kwambiri chifukwa chakuti funsolo linabwera anthu atatopa.

Nkhani yofupikitsa fomu ndiye si yongochitira chifundo woyankha ayi. Funso lililonse losafunika limene mwalisiya m'fomu likudya mayankho a mafunso ofunika amene ali pambuyo pake.

Fomu imene ndinapita nayo kwa mayi aja inali ya bungwe lina limene linkafuna kukonza mijigo m'midzi 20. Linkafuna kudziwa zinthu zochepa chabe: midzi iti ikuvutika kwambiri, anthu amapita kuti mjigo ukafa, ndiponso ngati mabanja angathe kusonkha ndalama zokonzetsera. Koma fomu inali ndi mafunso 140. Mmene inafikira pamenepo n'zosavuta kumvetsa kwa aliyense amene anakhalapo pamsonkhano wa mu ofesi. Wa zaumoyo anapempha kuti tiikemo za kutsekula m'mimba ndi za maneti a udzudzu. Wa zaulimi anati popeza tikupita kale kumeneko, tifunseko za madimba. Wina anabweretsa tsamba lonse la katundu wa m'nyumba limene anakopera pa fomu ya kafukufuku wamkulu wa mabanja, uja amachititsa a ofesi ya ziwerengero ku Zomba. Kafukufuku ameneyo ali ndi chifukwa chofunsira zonsezo, pakuti ntchito yake ndi kuyeza umphawi wa dziko lonse. Ife tinalibe chifukwa chotero. Tinangoona kuti ichi chakoma, ichi chakoma, ndipo za pusi uja mukuzidziwa.

Titayesa fomuyo pa mabanja 12, inkatenga pafupifupi mphindi 95 pa banja limodzi. Tinkafuna kufikira mabanja 400. Ndinawerengera kuti ndi maola oposa 630 a anthu ena, ochotsedwa kumunda, kumsika ndi kuchigayo. Kuwerengera kumeneku kunandithandiza pamikangano yonse yotsatira, chifukwa aliyense woteteza funso lake amati, "Ndi kamodzi kokha, katenga theka la mphindi." Theka la mphindi kuchulukitsa ndi 400 ndi maola atatu ndi mphindi 20.

Mpeni woyamba, umenenso unadula kwambiri, sunakhudze fomu n'komwe. Tinaiika pambali, n'kuyamba kulemba lipoti lomaliza ngati kuti kafukufuku watha kale. Tinajambula matebulo ake opanda manambala: mutu pamwamba, mayina a mizere, mabokosi opanda kanthu. Tebulo loyamba, kumene mabanja amatunga madzi akumwa, mudzi ndi mudzi. Lachiwiri, nthawi imene amatenga kupita ndi kubwera. Lachitatu, kumene amapita mjigo ukafa. Lachinayi, ndalama zimene anasonkha mwezi wathawu. Tinapeza matebulo asanu ndi atatu, ndipo pansi pa lililonse tinalemba chimene bungwe lidzachite mosiyana malinga ndi manambala amene adzatuluke. Kenaka tinatenga fomu ija, funso ndi funso, n'kumalemba pambali nambala ya tebulo limene yankho lake likalowe.

Mafunso 47 analibe kolowera. Maneti a udzudzu, mtundu wa mbewu ya chimanga, mpingo umene mutu wa banja amapemphera, zonsezi zinali zokoma kuzidziwa koma palibe chimene zikanasintha pa kasankhidwe ka mjigo woyamba kukonza. Mnzanga wa zaumoyo analimbikira funso lake la maneti. Ndinamufunsa kuti, "Tiyerekeze kuti mabanja onse ayankha kuti alibe neti. Lolemba m'mawa mudzachita chiyani?" Anaganiza pang'ono n'kunena kuti bungwe lathu siligawa maneti. Funsolo linatuluka. Funso limene yankho lake lililonse, kaya inde kaya ayi, likusiyani mukuchita zomwezo, lilibe ntchito m'fomu.

M'gulu lomwelo munali mbali ina imene anthu saiona kulemera kwake, ndiyo ndandanda ya a m'banja. Papepala imaoneka ngati mafunso asanu ndi atatu: dzina, zaka, ubale ndi mutu wa banja, sukulu, ntchito, ndi zina. Koma mafunsowo amafunsidwa pa munthu aliyense. Banja la anthu asanu ndi mmodzi ndiye kuti mafunso 48 musanatchule n'komwe mawu oti madzi. Ndipo m'ndandanda zoterezi, amene amavulala ndi otchulidwa kumapeto. Kafukufuku wina wa ku Ghana anapeza kuti anthu amene mayina awo ali kumunsi kwa ndandanda amalembedwa ntchito zochepa kusiyana ndi zimene amagwiradi, ndipo kawirikawiri amenewo ndi amayi ndi achinyamata, popeza bambo ndiye amayamba kutchulidwa. Ife sitinkafuna mbiri ya munthu aliyense. Tinkafuna kudziwa kuti pakhomopo pamagona anthu angati, ana osakwana zaka zisanu ndi angati, ndipo amene amatunga madzi kawirikawiri ndani. Mafunso atatu, ofunsidwa kamodzi.

Tinatsala ndi 93. Mpeni wachiwiri unali wofunsa kuti: kodi funsoli n'loyenera munthu ameneyu? Mjigo unakumbidwa liti, unafa kangati chaka chino, amakonza ndani, zipangizo amagula kuti. Mayankho a mafunso amenewa ndi amodzi m'mudzi wonse, ndiye kufunsa mabanja 20 m'mudzi umodzi n'kungopeza zaka 20 zosiyana za mjigo umodzi. Mafunso 14 oterewa tinawachotsa n'kupanga kafomu kena ka tsamba limodzi kofunsa a komiti ya mjigo, amene ena mwa iwo ali ndi kabuku kolembamo zosonkha ndi zokonzetsa. Ena asanu ndi limodzi anatsala pa fomu koma anasiya kukhala mafunso: denga ndi la udzu kapena malata, chimbudzi chilipo, ndowa ya madzi akumwa ndi yovindikira. Zimenezi wofunsa amaona yekha n'kulemba. N'zochititsanso manyazi kufunsa munthu ngati nyumba yake ndi yamalata iwe utakhala pamthunzi wa udzu wake.

Apa mafunso ofunsidwa pakamwa anali 73, ndipo otsalawo anali ovuta kuwadula chifukwa lililonse linali ndi tebulo lake. Chimene chinatithandiza ndi mafomu 12 oyeserera aja. Tinawayala patebulo n'kumayang'ana funso limodzi pa mafomu onse. Funso lakuti "Kodi madzi aukhondo ndi ofunika pa umoyo wa banja lanu?" onse 12 anati inde. Ndani angati ayi? Funso limene aliyense amayankha mofanana silisiyanitsa mudzi ndi mudzi, silikuuzani kanthu. Panalinso ena amene anthu sakanatha kuwayankha ngakhale atafuna, monga lakuti "Pa miyezi 12 yapitayi munagwiritsa ntchito malita angati a madzi pa tsiku?" Palibe amene amayeza madzi m'malita pakhomo. Mayi amadziwa ndowa ndi zigubu zimene anatunga dzulo. Funso lovuta kukumbukira limatopetsa kuposa mafunso asanu osavuta, chifukwa munthu amakhala chete, kuwerengera, kuchita manyazi, kenaka n'kungotchula nambala yoti akusangalatseni. Amene akanatheka kukonzedwa tinawakonza kuti afunse za dzulo kapena za sabata yatha. Asanu ndi anayi tinawataya.

Omaliza 12 anali mapasa. "Mjigo uli patali bwanji?" ndi "Mumatenga nthawi yaitali bwanji kukatunga madzi?" akufuna chinthu chimodzi. Tinasunga la nthawi, chifukwa mtunda anthu amaupenekera mosiyana kwambiri, komanso nthawi imaphatikiza mzere wa pamjigo, umene nthawi zina ndi wautali kuposa ulendo weniweniwo. Panalinso mafunso asanu ofunsa ngati munthu akukhutira ndi komiti, lililonse ndi mawu ake: mumaikhulupirira, imagwira bwino ntchito, imakumverani, ndi zotero. Pa mafomu oyeserera, amene anati inde pa loyamba anati inde pa onse. Tinasiya awiri.

Fomu inatsika kufika pa mafunso 52, ndipo titaiyesanso inkatenga pafupifupi theka la ola.

Tsopano pali msampha umene wagwira anthu ambiri ofuna kufupikitsa, ndipo nanenso ndinatsala pang'ono kugwamo. Munthu akauzidwa kuti achepetse chiwerengero cha mafunso koma sakufuna kutaya kanthu, amayamba kuwamanga pamodzi. Mafunso atatu amasanduka limodzi: "Kodi madzi a pamjigo ndi okoma, okwanira ndiponso apafupi?" Nambala yatsika, koma mayi amene madzi ake ndi okoma koma akutali ayankha chiyani? Ndipo akati ayi, inu mudziwa bwanji chimene akukana? Ntchito imene inali papepala mwangoisamutsira m'mutu mwa woyankha.

Ku Tanzania anayesa zimenezi mwadongosolo. Kathleen Beegle ndi anzake anagawa mabanja pafupifupi 4,000 m'magulu, gulu lililonse n'kulifunsa za chakudya m'njira yakeyake. Ena anafunsidwa ndandanda yaitali ya zakudya 58, chimodzichimodzi. Ena anafunsidwa zakudya 17 zokha zosankhidwa pa ndandandayo, zimene anthu amadya kwambiri. Ena anafunsidwa magulu 11 akuluakulu, mwachitsanzo funso limodzi la mbewu zonse za mtundu wa chimanga ndi mpunga pamodzi. Ndandanda ya zakudya 17 ija, ataiwerengera moganizira zimene zinasiyidwa, inapereka zotsatira zoyandikira kwa ndandanda yaitali. Ya magulu 11 inapereka manambala otsika kwambiri. Chifukwa chake n'chomveka. Mukandifunsa ngati ndinadya usipa sabata yatha, ndikumbukira. Mukandifunsa ndalama zonse zimene ndinawonongera ndiwo, ndiyenera kukumbukira ndekha usipa, bonongwe, nyemba, mazira ndi tomato, ndipo zina ndiziiwala. Kuchotsa funso lathunthu n'kwabwino kusiyana ndi kupanikiza atatu m'thumba limodzi.

Chitsanzo cha kudula kochita bwino chilipo pa mafunso oyeza njala pabanja. Pulojekiti ina ya ku America yotchedwa FANTA, osati chakumwa chija, inali ndi mafunso asanu ndi anayi oyezera kusowa kwa chakudya. Atawayesa m'mayiko angapo, kuphatikizapo Malawi, Mozambique, Zimbabwe, Kenya ndi South Africa, anapeza kuti ena amamveka mosiyana malinga ndi dera. Kudandaula za chakudya, kapena kudya zimene suzikonda, tanthauzo lake silifanana paliponse. Mu 2011 anatulutsa muyeso wa mafunso atatu okha, onse ofunsa za masabata anayi apitawa: kodi panali tsiku limene m'nyumba munalibiretu chakudya cha mtundu uliwonse, kodi wina anagona ndi njala, kodi wina anakhala usana ndi usiku wonse osadya kanthu. Sanasankhe atatuwa chifukwa ndi afupiafupi, koma chifukwa ndi amene amatanthauza chimodzimodzi kulikonse. Mtengo wake ulipo: mafunso atatuwa amaona njala yoopsa yokha. Banja limene layamba kuchepetsa nsima koma silinagone ndi njala saliona. Odulawo anadziwa chimene akutaya, ndipo anachinena poyera.

Mafunso akachepa, kasanjidwe kake kamathandizanso. Pa mafunso aja a "inde" wobala ana, tinasintha ndondomeko. M'malo mofunsa njinga n'kutsatiza pomwepo mafunso ake, kenaka foni ndi mafunso ake, tinayamba kufunsa ndandanda yonse kaye: njinga, foni, ngolo, wilibala. Munthu akamaliza kunena zimene ali nazo m'pamene timabwerera kufunsa zambiri pa zimene wavomera. Akamazindikira kuti "inde" ali ndi mtengo, wayankha kale. Mafunso amene bungwe silingachite popanda iwo tinawaika m'mphindi 15 zoyambirira. Ndipo poyamba kucheza tinayamba kunena nthawi yoona. Munthu amene wauzidwa theka la ola n'kumaliza pa theka la ola amakupatsa mayankho abwino kuposa amene wauzidwa "kanthawi kochepa" n'kuona dzuwa likupendeka.

Mnzanga wa zaulimi sanagonje pa madimba ake, ndipo anali ndi mfundo: bungwe linkaganizadi zoyamba ulimi wothirira chaka chotsatira. Tinagwirizana kuti mafunso ake asanu afunsidwe kwa theka la mabanja okha, osankhidwa mwamaere ndi tabuleti, osati ndi wofunsa. Mabanja 200 ndi okwanira kupereka chithunzi cha dera lonse. Sangakwane kuyerekeza mudzi ndi mudzi, chifukwa m'mudzi uliwonse mukhala mabanja khumi okha, koma iye sankafuna zimenezo.

Ndanena kuti osati wofunsa, chifukwa nayenso amatopa, ndipo kutopa kwake n'koopsa kuposa kwa woyankha popeza amadziwa njira zonse zachidule. Pa kafukufuku wamkulu wa zaumoyo amene amachitika m'mayiko ambiri, Malawi ali momwemo, mayi amafunsidwa mafunso ambiri pa mwana aliyense wobadwa m'zaka zochepa zapitazo. Akatswiri anaona kalekale kuti m'mayiko ena ana obadwa chaka cha m'malire amaoneka ochepa modabwitsa, pamene a chaka cham'mbuyo mwake amachuluka. Ofunsa ena amakankhira tsiku lobadwa la mwana kumbuyo pang'ono kuti adumphe tsamba lonselo. Fomu yaitali imaphunzitsa anthu awiri kunama, wina pamkeka wina pampando.

Mungadziwe bwanji kuti fomu yanu ikadali yaitali? Ngati mukugwiritsa ntchito tabuleti, yang'anani nthawi ya chigawo chilichonse. Zigawo zakumapeto zikamatha mofulumira kuposa mmene munthu angawerengere mafunsowo mokweza, ndiye kuti sakuwerengedwa. Yang'anani ngati "ayi" ndi "sindikudziwa" akuchuluka kumapeto, ngati manambala ayamba kuthera pa ziro okhaokha, ngati pa mafunso otsatizana munthu wapereka yankho limodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Koma choposa zonsezi n'chakuti amene analemba fomu apite yekha akakhale pakhonde, osalankhula, n'kumaona nkhope. Adzaona mphindi yeniyeni imene mayi amayamba kuyang'ana kukhitchini, ndipo adzalemba nambala ya funso limene anali atafikapo.

Sindinganene kuti tinadula bwino zonse. Pa mapasa aja tinachotsa funso lakuti anthu amatunga kuti m'chilimwe, poganiza kuti likufanana ndi lakuti amatunga kuti panopa. Kafukufuku tinachita mu Epulo, mvula itangotha, zitsime zili zodzaza. Titayamba kulemba lipoti, mmisiri wa mijigo anatifunsa kuti ndi midzi iti imene madzi amaphwa mu Okutobala, pakuti kumeneko kukonza pampu sikungathandize, pafunika kukumba mozama. Tinayang'anana. Tebulo limenelo sitinalijambule tsiku lija, chifukwa mmisiriyo sitinamuitane pamsonkhano. Zinatitengera masiku anayi kuimbira foni makomiti onse 20, ndipo atatu amene mafoni awo sankapezeka tinachita kuwapitira pa njinga yamoto.